Mchere wa pa phwando la a Davie

Mwamva kale zimene akunong'onezana mu Zolozolo, zoti ine Tina ndinawononga mpunga pa phwando la a Davie atamaliza ku yunivesite. Imvani kwa mwiniwakene.

Tinkaphika atatu, ine, Keziya ndi Zabibu. Lamulo lathu linali loti wothira mchere azisiya supuni pachivundikiro. Keziya anathira m'madzi, supuniyo n'kupita nayo kukakazingira anyezi. Madzi atawira Zabibu anathiranso, n'kuthamangira kukaona gauni ya a Davie. Ine ndinapeza chivundikiro chopanda supuni, ndiye ndinathira osalawa n'komwe.

Amayi a Davie anandikokera pamaso pa alendo, paketi ya mchere idakali m'thumba mwanga.

"Mwana iwe, wandichititsa manyazi chomene. Munali angati pamchere?"

Keziya anayang'ana makala. Zabibu ankangopukuta mbale youma kale.

"Ndekha, mama."

Chichokereni tsikulo sitinaphikirenso limodzi. Koma abale, ndimasowa utsi uja, miseche yathu, ndi kulimbirana mpunga wopserera wa pansi pa poto.

Dzulo Keziya wabwera, maso pansi, akuti ndikawathandize kuphika pa ukwati wa mkulu wake.

Mukanakhala inu, mukanapita?