Mawu a Pansi pa Chithunzi

Safia anali pafupi kutumiza chithunzicho ku gulu la achibale pa WhatsApp pamene bambo ake, Che Hamisi, anamugwira mkono. Chiwagwirireni sitiroko lilime lawo linkalemera, iwo amene kale ankagwetsa anthu ndi phwete mumsika wa Mangochi.

Pachithunzipo bambowo anali atakwezedwa pa kabaza, ndodo ili pamiyendo, nkhope ili ndii ngati bwana. Safia anali ataunjika mawu onse pamwamba.

"Ayi," anatero movutikira. "Waulula... msanga."

Analoza pamwamba. Safia anasiyapo mzere umodzi wokha wa zilembo zikuluzikulu zoyera: ADOKOTALA ATI NDIZIYENDA TSIKU LILILONSE.

Chala chawo chinatsika pang'onopang'ono, n'kuima pa kabazayo.

"Apa... adabwe kaye."

Kenako chinafika pansi penipeni. Safia anasamutsira pomwepo mawu otsalawo, nawadula kuti afupike: KOMA SANATI WAPANSI.

"Ndamva, ababa. Pamwamba mukuwasocheretsa, pansi mukuwagwetsa."

Anatumiza. Posakhalitsa mchimwene wake Nasir anaimba kuchokera ku Joni, akulephera kulankhula chifukwa cha kuseka.

Che Hamisi anagunditsa foniyo kukhutu, natsinzina, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Usadule," anatero. "Seka... ndimve."