Ndowa Yotsiriza

Pampu inkalira bwinobwino, koma m'thanki ya sukulu simunkagwa ngakhale dontho. Madala osamalira pasukulupo anaizimitsa n'kukanda m'mutu.

"Mayeso ndi mawa, bambo," anatero mayi ahedi, tochi ili m'manja. "Zimbudzi zikakhala zopanda madzi, ana akalembera kwina. Chavuta n'chiyani?"

"Kaya. Mwina yameza mpweya. Ndipatseni ndowa ija."

"Yotsirizayo? Mumwetse pampu?"

"Imeneyi sikoka madzi ili ndi ludzu, mayi."

Madalawo anamasula kachivindikiro ka pamwamba pa pampu n'kuyamba kuthira. Madzi ankangolowa, osadzaza. Theka la ndowa linapita.

"Akupita kuti?" anafunsa ahedi.

"Nanenso ndikudabwa."

Madala anagunditsa khutu papaipi yotsikira m'chitsime. Pansi pankamveka tho, tho, tho. Madzi awo ankabwerera komweko.

Anamasula paipiyo, awiriwo n'kuikokera kunja. Kunsonga kwake, valavu yoletsa madzi kubwerera inali yasa! Pakamwa pake panali patatsakamira kamwala. Madala anakatokosa ndi msomali, n'kubwezeretsa paipi.

Anathira madzi otsalawo pang'onopang'ono. Ndowa ikuti ithe, madzi anaonekera pakamwa pa pampu. Anatseka, n'kuyatsa. Pampu inatsokomola kawiri, kenako m'thanki munamveka mkokomo.

"Ndiye chinavuta n'chiyani?" anafunsanso ahedi.

Madala anawaika kamwala kaja m'manja. Ahedi anakaunika ndi tochi, n'kukatembenuza.

"Kameneka? Kufuna kusokoneza mayeso a ana mazana atatu?"

"Kasungeni, mayi. Mawa nanenso sindikhulupirira."